Kwa makasitomala athu a ku Tiyamike Salon, Chilenje

Amayi, asisi ndi nonse amene mumakonzetsa tsitsi kwa ife, muli bwanji? Ndine Amake Tiyamike.

Ambiri mwa inu mukamatuluka mu saluni mumatiuza kuti mwakhutira, ena mumachita kutitumizira zithunzi za ku ukwati. Zimatisangalatsa kwambiri. Pempho langa ndi lakuti, ngati mungakonde, mukalembe maganizo anu pa Google Maps. Sakani Tiyamike Salon, pitani pa Reviews, sankhani nyenyezi kuyambira 1 mpaka 5, kenako lembani mawu anu. M'Chinyanja, m'Chibemba, m'Chingerezi, zonse zili bwino.

Ndikupempha chifukwa cha mayi amene sanafikepo pano. Mwina ali ku Kabwata kapena ku Libala, akufuna woluka mwana wake sukulu isanatsegulidwe, ndipo akuopa kupereka mutu wa mwanayo kwa munthu wosamudziwa. Mawu akuti "zabwino kwambiri" samuthandiza kwenikweni. Muuzeni zimene munaona: munadikira nthawi yaitali bwanji musanakhale pampando, mtengo umene tinagwirizana ndi umene munalipira, matawulo ndi zipeso zinali zoyera kapena ayi. Ngati munalukitsa mukule kapena meshi, musafulumire kulemba. Dikirani ipite sabata kapena awiri, muone ngati tsitsi la m'mphepete mwa chipumi silikukokeka, ngati munagona bwino usiku woyamba, ngati malukidwewo sanayambe kumasuka. Ntchito ya woluka imadziwika bwino pamenepo.

Ngati panali chimene sichinakukomereni, kaya dulaya inatentha kwambiri kaya tinakuchedwetsani magetsi atapita, chilembeninso. Musatipatse nyenyezi 5 chifukwa cha manyazi poti timapemphera limodzi kapena ndife oyandikana nyumba. Ngati mtima wanu ukuti 3, ikani 3. Ine ndidzawerenga, ndidzakambirana ndi atsikana, ndipo mukadzabwera tidzakulandirani monga kale.

Ndinenerenso poyera kuti palibe mbasela pa nkhaniyi. Sitichotsera mtengo, sitipereka mafuta a tsitsi kapena tokutaimu kwa amene walemba. Malamulo a Google amaletsa zimenezo, komanso ine sindingakonde kuti munthu akwere basi kubwera kuno chifukwa cha mawu ogulidwa. Chonde musatumenso achibale amene sanakonzetsepo tsitsi pano kuti atiyamikire. Atsikana anga ndawauza kuti asamakufunseni ngati mwalemba, ndiponso asamatenge foni yanu kuti akulembereni.

Dziwani kuti dzina la pa akaunti yanu ya Google lidzaoneka kwa aliyense. Ngati mukuika chithunzi koma simukufuna nkhope ioneke, jambulani chakumbuyo. Amene simukufuna kulemba, palibe mlandu, ndipo uthengawu sindidzaubwereza. Muli ndi dandaulo loti tikonze msanga? Ndiyankheni pa nambala yomwe ino, kapena mundipeze ku saluni Lolemba mpaka Loweruka.

Zikomo kwambiri,
Amake Tiyamike