Ndondomeko ya labu: kuyeretsa puloteni ya mchira wa His pa nikelo, ndi zochita ikatuluka yochepa

Kwa ophunzira onse amene mukugwira ntchito ya puloteni yathu ya 32 kDa. Werengani pepalali lonse musanatulutse peleti ya maselo mufiriji. Miyeso ili apa ndi ya peleti yochokera mu lita imodzi ya E. coli BL21(DE3) yomwe inathiridwa IPTG, mankhwala oyambitsa kupanga puloteniyo.

Pulotenyi ili ndi ma histidini 6 ondondozana kumapeto kwake, ndiwo mchira tikunenawu. Histidini amagwira nikelo amene ali pa timikanda ta rezini ya Ni-NTA, pamene mapuloteni ambiri a bakiteriya amangodutsa. Imidazolo amafanana ndi mbali ya histidini yogwira nikeloyo, ndiye akakhala pang'ono amachotsa zongomatirira, akachuluka amalanda malo n'kutsitsa puloteni yathu.

Mabafa ndi atatu:

```
A: 50 mM NaH2PO4, 300 mM NaCl, 10 mM imidazole, pH 8.0
B: 50 mM NaH2PO4, 300 mM NaCl, 20 mM imidazole, pH 8.0
C: 50 mM NaH2PO4, 300 mM NaCl, 250 mM imidazole, pH 8.0
```

A ndi yoswera maselo, B yotsukira, C yotsitsira. pH muzikonza pomaliza, imidazolo atalowa kale, chifukwa amaisintha. Madzi akhale osefedwa a mu labu, osati a pampopi.

Musanayambe chilichonse, lembani timachubu ta sampulo: maselo onse, peleti yotsala pozunguza, madzi a pamwamba, zodutsa, zotsuka, ndi zotsika 1 mpaka 5. Pa sitepe iliyonse tapani 20 µL. Wobwera kudzandiuza kuti "sizinatuluke" alibe timachubuti ndidzamubweza akayambirenso, poti palibe angalote komwe puloteni yatayikira.

Sungunulani peleti pa ayisi mu 30 mL ya bafa A. Thirani laisozaimu kufika 1 mg/mL ndi PMSF kufika 1 mM. PMSF, yomwe imaletsa ma enzaimu odula puloteni, muithire nthawi yomweyo, sikhalitsa m'madzi. Dikirani mphindi 30, kenako iswani ndi soniketa: masekondi 10 ikulira, masekondi 30 ikupuma, kasanu ndi kamodzi, chubu chili m'kapu ya ayisi. Nsonga ya soniketa ikhale yomira ndithu. Mukaona thovu imani, thovu limawononga puloteni. Zikanandabe ngati therere, ndi DNA imeneyo. Onjezani maulendo awiri kapena thirani DNase pang'ono, apo ayi kolamu idzatsekeka.

Zunguzani pa 10,000 × g kwa mphindi 30 pa 4 °C. Madzi a pamwamba akhale oyera mbee. Peleti musataye.

Tengani 2 mL ya phala la rezini la 50%, zomwe zikupatsani 1 mL ya timikanda. Itsukeni ndi madzi kuti etanolo achoke, kenako ndi 10 mL ya bafa A. Sakanizani ndi madzi a pamwamba aja mu chubu cha 50 mL, chizitembenuka pang'onopang'ono kwa ola limodzi pozizira. Musaikemo kachitsulo kotakasira, kamaphwanya timikanda. Thirani mu kolamu, sungani zodutsa zonse. Tsukani ndi 20 mL ya bafa B. Tsitsani ndi bafa C, 1 mL kasanu, ndipo ulendo uliwonse tsekani kolamu mphindi zisanu musanatsegule. Yambiri imatsika mu chubu chachiwiri ndi chachitatu.

Za kuzizira ndinenepo. Kuno ku Lilongwe mwezi wa Okutobala ayisi wa m'ndowa sachedwa kusanduka madzi, ndipo magetsi akhoza kuthima sentirifyuji ili mkati. Konzani ayisi wokwanira dzulo lake, ndipo yambani m'mawa. Kolamu yathu imayenda yokha popanda pampu, choncho pa kolamupo magetsi sakuvutitsani.

Tsiku lomwelo yendetsani SDS-PAGE ya 12% ndi masampulo onse. Poyeza kuchuluka pa A280, ziro mutengere pa bafa C, chifukwa imidazolo nayenso amawerengeka pamenepo. Njira ya Bradford ndiyo ndimaikhulupirira kwambiri pa zotsikazi.

Ikatuluka yochepa, yang'anani jelo kuti mzere wa 32 kDa wathera pati.

Ngati mulibe ngakhale mu maselo onse, kolamu ilibe mlandu: bakiteriya sanapange puloteni. Yambirani pa koloni yatsopano, musaiwale mankhwala osungitsa pulasimidi, thirani IPTG pamene OD600 ili pafupi ndi 0.6. Onaninso kuti maselo ndi a DE3, chifukwa enawo alibe T7 polimereji.

Ngati mzere wonenepa uli mu peleti, pali zinthu ziwiri zomwe anthu amasokoneza. Mwina maselo sanasweke bwino, mwina puloteni yaundana mkati mwa maselo. Iswaninso peletiyo: ikasamukira m'madzi, vuto linali soniketa. Ikakanirira, yaundana, ndipo mankhwala ake ali pa kakulidwe, osati pa kolamu. Tsitsani kutentha kufika 18 °C usiku wonse, IPTG ikhale 0.1 mM. Puloteni imapangika pang'onopang'ono n'kupeza mpata wopindika bwino. Zikakanika mukhoza kusungunula peleti mu yureya wa 8 M, nikelo amagwirabe mchira mmenemo, koma puloteni imatuluka yotambasuka ndipo kuipindanso ndi ntchito ina yaikulu. Tikambirane kaye musanapite njira imeneyo.

Ngati ili mu zodutsa, sinagwire, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwera. Yambani ndi maso: rezini yabwino ndi yobiriwira motuwirako ngati mtambo. Ikayera, nikelo wachoka, ndipo wakuba nthawi zambiri ndi EDTA, amene amabisala m'mapiritsi ena oteteza puloteni. Werengani pabokosi, mugwiritse okhawo olembedwa EDTA-free. Ikada mofiirira, ndi DTT. Ngati puloteni ikufuna chotetezera ma sisitini, β-mercaptoethanol wosapitirira 10 mM ndiye wabwino. Mtundu ukakhala bwino, yezani pH ya madzi a pamwamba enieniwo, osati ya m'botolo. Ikatsikira cha ku 6, histidini amaleka kugwira nikelo. Zonsezi zikakhala bwino, mwina mchira wabisika mkati mwa puloteni itapindika. Yesani pang'ono ndi yureya: ikagwira muli yureya koma osagwira mulibe, ndi zimenezo, ndipo tidzafunika kusamutsira mchira kumapeto enawo. Koma ikakhala mu zodutsa komanso yambiri mu zotsika, rezini yangodzaza. Bwezani zodutsazo pa rezini ina.

Ngati ikutuluka potsuka, imidazolo wa bafa B wachuluka. Tsitsani kufika 10 mM, kapena onani ngati wina sanasinthanitse mabotolo a B ndi C, amafanana.

Ngati sikuoneka paliponse pambuyo pa madzi a pamwamba, yatsalira pa rezini. Tapani timikanda pang'ono, wiritsani mu bafa ya jelo, yendetsani. Ikapezeka, yesani imidazolo wa 500 mM. Ikakanabe, yaundana pa kolamu, ndiye onjezani gilisero wa 10% m'mabafa onse. Timizere tambiri pansi pa 32 kDa tingasonyeze kuti yadukaduka chifukwa chotentha kapena kuchedwa. Kamzere kokakamira cha pa 25 kDa nthawi zambiri ndi SlyD, puloteni ya E. coli yomwe ili ndi ma histidini ambiri yokha.

Mukamaliza, tsukani rezini ndi bafa C ndi madzi, muisunge mu etanolo wa 20% pa 4 °C. Isaume, ndipo isalowe mufiriza. Rezini imachedwa kufika tikaitanitsa, choncho yoyera musataye: ichotseni nikelo wotsala ndi EDTA wa 100 mM, tsukani ndi madzi ambiri, thirani NiSO4 wa 100 mM, tsukaninso. Valani magulovu, ndipo madzi onse a nikelo apite m'botolo la zinyalala lolembedwa Ni lomwe lili pansi pa benchi yachiwiri, osati mu sinki. Pachubu cha rezini lembani tsiku, dzina la puloteni, ndi kuti yagwira ntchito kangati.