Malangizo a kasankhidwe ka mabanja pa kafukufuku wa madzi akumwa

Ophunzira nonse, musanasindikize mafunso anu, tiyambe tagwirizana za mabanja amene mukawafunse. Dera limene mwasankha lili ndi mabanja 600, ndipo ndalama zimene muli nazo zikukwanira mabanja 60 okha, choncho banja lililonse liyenera kukhala ndi mwayi wodziwika bwino wosankhidwa.

Choyamba ndi mndandanda wa mabanja onse. Kaundula wa anyakwawa ndi poyambira pabwino, koma muyende nokha pakhomo ndi pakhomo, chifukwa alendi, obwera kumene ndiponso ana amene angotuluka kumene pakhomo pa makolo kawirikawiri salembedwamo. Mukatero mutha kupatsa banja lililonse nambala n'kuchita maere, kapena kusankha mwamaere nambala imodzi pakati pa 1 ndi 10, mwachitsanzo 4, n'kumatenga banja la 4, la 14, la 24 mpaka kumapeto. Popeza okhala pafupi ndi mjigo savutika mofanana ndi amene amatunga kumtsinje, ndibwino kuwagawa kaye m'magulu awiri, kenaka n'kuchita maere m'gulu lililonse molingana ndi kukula kwake. Kafukufuku wa dziko lonse nthawi zambiri amayamba wasankha madera ang'onoang'ono a kalembera, kenaka mabanja m'maderamo, pofuna kuchepetsa maulendo, ngakhale kuti oyandikana nyumba amakonda kuyankha zofanana.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kupendekera kwa zotsatira. Mukakaima pamjigo m'mawa n'kufunsa aliyense wobwera ndi ndowa, mudzamva za amene mjigowo ukuwathandiza, koma mayi amene anasiya kupitako chifukwa cholephera kulipira msonkho wa pamwezi simudzamuona, pamene iyeyo ndiye mukumufuna. Zimakhalanso chimodzimodzi mukalola kuti anyakwawa akusankhireni oyankha, kapena mukatumiza mafunso pa WhatsApp m'dziko limene kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 pa 100 alionse amakhala kumudzi.

Kuchuluka kwa oyankha sikukonza vutoli. Mu 1936 ku America, magazini ya Literary Digest inatumiza makalata pafupifupi 10 miliyoni ofunsa anthu amene adzamuvotere pa chisankho cha pulezidenti, makamaka kwa anthu opezeka m'mabuku a manambala a lamya ndi m'kaundula wa eni galimoto, ndipo inalandira mayankho oposa 2 miliyoni. Inalosera kuti Alf Landon apambana, koma Franklin Roosevelt anapambana ndi mavoti pafupifupi 61 pa 100 alionse. Mndandandawo unakondera olemera, komanso amene anayankha sanali ofanana maganizo ndi amene anangokhala chete.

N'chifukwa chake mukapeza pakhomo posankhidwa potseka, poti eni ake ali kudimba kapena kuganyu, musalowe kwa oyandikana nawo kuti nambala ikwane. Lembani tsiku ndi nthawi, mubwerereko katatu pa nthawi zosiyana, ndipo mu lipoti lanu munene mabanja amene anakana ndi amene simunawapeze. Mndandanda wanu ndiuone Lachisanu musananyamuke.