Ndalola a Vitu, koma muwerenge mpaka kumapeto

A Vitu wanga, yankho la pempho lanu lija loti timange banja ndi ili, eya ndalola. Ndalola ndi mtima wonse ndipo musaganize kuti kuchedwa kuyankhaku ndimakayika za inu ayi, ndimafuna ndipemphere kaye komanso ndiyike bwino mmutu zomwe ndikufuna kukuuzani coz pamaso panu ndimangoseka basi mawu onse amathawa. Munthu amene munabwera kuchipatala mayi atadwala mpaka kugona pabenchi panja musanawadziwe nkomwe, ine sindingafunenso wina.

Koma pali zinthu zoti tigwirizane panopa tisanauze anthu.

Sukulu yangayi ndimalize kaye. Kwatsala chaka chino chachitatu kuno ku Nkhoma kenako mayeso a khonsolo ya manesi ndi azamba, ndipo popanda kukhoza amenewo palibe laisensi, palibe ntchito, zaka 3 zonsezi zingokhala zongotaya. Ndiye ukwati woyera udikire mpaka zotsatira zituluke. Chinkhoswe chokha tikhoza kupanga pa holide ya Disembala kuti anthu adziwe kuti ndili ndi mwini, ine ndilibe vuto nazo. Ndipo ndinene mosabisa ngakhale ndikuchita manyazi, nkhani ya mwana iyambe pambuyo, osati ndili mkati mwa ma prakitiko ndikugwira naiti ku wodi ya amayi oyembekezera. Ndawaona anzanga omwe anaima kaye kuti abwerera chaka chamawa ndipo ena sanabwerenso. Mayi anagulitsa mbatata ya kachewere ndi mbuzi zawo kuti fizi ikwane chimwalirireni bambo, sindingawabwezere ndi pepala losatha. Komanso mudziwiretu kuti ndikadzagwira ntchito pang'ono ndikufuna ndidzapite kukawonjezera digiri, ndiye tsiku limenelo musadzadabwe ngati sindinanene.

Za kwathu. Mukudziwa kuti ife Achewa a ku Dedza nkhani ya banja siyithera pa ine ndi inu pa foni, mwini mbumba ndi amalume, achimwene awo a mayi, ndiwo akhale nkhoswe yanga. Tumani akuluakulu akwanu akaonekere kwa iwo mwaulemu wake, ine ndiyamba ndawauza mayi ndekha kuti asamvere kwa anthu a mmudzi. Kwanu ku Rumphi kuli malobolo, mkazi amapita kwa mwamuna ndipo ana amawerengedwa kuchimuna, pomwe kwathu mwambo wake ndi chikamwini kapena chitengwa mukapempha bwino. Sindikunena kuti mukakhale mkamwini pakhomo pa mayi ayi, ife tidzakhala komwe ntchito yatiyika, kaya ku Lilongwe komwe muliko kaya kwina. Koma ankhoswe akambe zimenezi poyera pachiyambi pomwe, makamaka za ana, kuti akhale a mbali zonse ziwiri, azipita ku Rumphi azipitanso ku Dedza ndipo Mulungu asalole wina wa ife atatsogola pasadzakhale kulandana ana kapena katundu. Ndinaona mmene mayi anavutikira nthawi ija ndiye nkhani iyi ndimayimva mpaka mmafupa.

Chinanso, ndikadzayamba kulandira ndizidzathandiza mayi mwezi ndi mwezi komanso fizi ya m'bale wanga Limbani, ali Fomu 2 ndipo ndikufuna afike mpaka alembe MSCE, mwina apitirire. Sindikufuna kudzatumiza ndalama mobisa ngati ndikuba mnyumba mwanga momwe. Inunso muli ndi amama ndi azichemwali anu omwe amadalira inu, ndidzawatenga ngati anga, tizikhala pansi awiri nkuona kuti mwezi uno kukupita zingati uku zingati uko. Chitumbuka mundiphunzitse bwino bwino, ndisakafike kwa amama nkumangoti yewo yewo basi.

Kukayezetsa magazi tipite limodzi chinkhoswe chisanachitike, tikalandire zotsatira tili awiri. Sikuti ndikukukayikirani, ndi zomwe ndimauza anthu tsiku lililonse kuchipatala ndiye ndiyambe ndine. Za tchalitchi mwayi wake tonse ndi a CCAP, inu sinodi ya Livingstonia ine ya Nkhoma, ndikanakonda ukwati udzadalitsidwe kwathu komwe ndinabatizidwa kuti agogo adzauone poti ulendo wautali sangathenso.

Ndikudziwa kuti ndalemba zambiri ndipo mwina zina zikulemerani, ngati chilipo chomwe simukugwirizana nacho mundiuze mosaopa tikambirane, nanunso munene zanu ndimve, banjali ndi la tonse. Chomwe sindisuntha ndi sukulu yokhayo. Kudikira kukhala kovuta kwa tonse, inenso ndimafuna ndikadakhala nanu pafupi lero lomwe.

Loweruka ndilibe shifiti, mubwere mmawa tidzakambe tsiku loti akwanu apite kwa amalume. Ndimakukondani kwambiri a Vitu.

Ndine wanu,
Tadala