Yohane sanawauze kuti asiye ntchito

Abale ndi alongo, mabwana ndi madona, zikomo polimba mtima ndi chisanu cha Mzuzu m'mawa uno kudzakhala nawo pa mapemphero a kadzutsawa. Tiyi ali pamoto, musade nkhawa. Tsegulani Luka 3, ndime 12 mpaka 14.

Yohane Mbatizi ali ku Yorodano, ndipo pagulu la odzabatizidwa pakutulukira anthu amene palibe ankawayembekezera: okhometsa msonkho ndi asilikali. Masiku amenewo wokhometsa msonkho ankatolera zoti apereke kwa akuluakulu ake, zapamwamba n'kukhala zake. Anthuwa akufunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga ife titani?" Ndikanakhala ine ndikanati siyani ntchitoyo, bwerani mudzalowe kwaya. Yohane sanatero. Okhometsa msonkho anawauza kuti asatenge zoposa zimene anawalamula. Asilikali anawauza kuti asalande za munthu moopseza, asanamizire munthu, akhutire ndi malipiro awo. Kulapa kwawo anakutumiza ku desiki kumene amagwirira ntchito.

Ife chiphuphu tinachibatiza mayina ena. Timati ya fanta. Timati kangachepe, ya mafuta, chibanzi. Ena timachita kuikira mwambi, akuti mbuzi imadya pomwe aimangirira. Chabwino, koma msipu ukudyedwawo ndi wa yani?

Ndisanakhale mbusa ndinagwirako ukalaliki mu ofesi ina muno m'tauni. Tsiku lina kunabwera mayi wamasiye kuchokera ku Chitipa kudzatsatira ndalama za malemu amuna ake. Fayilo yake inali m'dirowa mwanga, ine ndikuidziwa, koma ndinamuuza kuti yasowa, abwere mawa. Mawalo anabweradi, atagona kudepoti, n'kumasula mfundo ya chitenje kundipatsa ndalama imene ankati akwerere basi. Fayilo inapezeka pompo. Madzulo ake ndinagula nyama, ana anga anadya. Mpaka lero sindidziwa kuti mayi uja anafika bwanji kwawo. Eksodo 23 ndime 8 amati chiphuphu chimachititsa khungu anthu openya. Ine maso ndinali nawo, koma mayiyo sindinamuone, ndinaona mfundo ya chitenje.

Ndikumva wina akuti, "Abusa, malipiro ake ati oti tikhutire nawo?" Ndikudziwa. Pofika pa 10 salale yatha, alandilodi ku Chibavi akugogoda, fizi ya mwana sinakwane. Kudandaula kuti malipiro akwere si tchimo, pitani nazo kwa okulembani ntchito, pitani ku bungwe lanu la ogwira ntchito, lankhulani mokweza. Koma ngongole imene boma lili nayo kwa inu musakalipiritse mlimi wa ku Rumphi amene wangobwera kudzafuna chidindo.

A bizinesi, ndakuonani mukugwedeza mutu ngati nkhaniyi ndi ya a boma okha. Envelopu siyenda yokha, amainyamula ndi munthu. Kumbukirani Cashgate mu 2013. Mabiliyoni a kwacha analipidwa ku makampani amene sanagulitse boma ngakhale singano. Kuti zitheke panafunika wina wa mu ofesi woti avomereze cheke, ndi wina wakunja woti abwereketse dzina la kampani yake. Mayiko otithandiza anaimitsa thandizo la bajeti, ndipo amene analawa ululu wake ndi wodwala amene anauzidwa kuti akagule yekha mankhwala. N'chifukwa chake lamulo lolimbana ndi katangale la 1995, limene linakhazikitsa bungwe la ACB, limagwira wolandira ndi wopereka yemwe.

Ndipo si za makontirakiti a mamiliyoni zokha. Mukapereka teni peresenti kuti mupate kontirakiti, mumaibweza pochepetsa simenti, khoma la kalasi n'kung'aluka mvula yoyamba. Nanga sikelo yogulira soya ija munaitembenuza, ndowa yopimira chimanga ija munaipinda pansi? Miyambo 11 ndime 1 amati sikelo yonyenga imamunyansa Yehova. Amosi 8 akudzudzula amalonda ochepetsa muyeso, amene tsiku la Sabata ankangoti lidzatha liti kuti atsegule malonda. Anali anthu opemphera amenewo, ngati ife tomwe.

Nafenso abusa tisadzipatule. Talandira chakhumi chonenepa osafunsa kumene chachokera, mwini wake n'kumukhazika mpando wakutsogolo. Mulungu atikhululukire.

Tsopano tembenuzani ku 1 Samueli 12 ndime 3. Samueli wakalamba, akutula udindo, ndipo akuima pamaso pa mtundu wonse n'kufunsa: ndinalanda ng'ombe ya yani? Bulu wa yani? Ndinalandira chiphuphu kwa yani kuti nditseke maso? Nenani, ndibweza. Anthu anayankha kuti sanawalande kanthu.

Patebulo panu pali kapepala ndi cholembera. Musalembe dzina lanu, ndipo mnzanu asaone. Lembani fayilo imene mukaitulutse m'dirowa Lolemba, kapena munthu amene mukamubwezere zake. Mukatha pindani, ikani m'thumba la malaya, kenaka tiimirire tipemphere.