Chidziwitso cha kutseka madzi pa 9 Epulo: zomwe takonza ndi mawu oti asindikizidwe

Kwa: Mlembi wa ofesi yofalitsa mauthenga, Mzuzu
Kuchokera kwa: Owunika zomasulira

Bambo mlembi,

Chidziwitso chomwe chinamasuliridwa pa makina chija tachiwerenga mzere ndi mzere, tikuyerekeza ndi chachingerezi chomwe ainjiniya anasainira. Musachimate pa makiyosiki kapena kuchipereka ku wailesi. Choyenera kutuluka ndi chomwe chili pamunsichi.

Vuto lalikulu ndi tsiku. Ainjiniya analemba 09/04/2026, makina n'kuwerenga mmene amawerengera ku Amereka, mwezi patsogolo, n'kulemba 4 Seputembala. Ntchitoyi ndi ya Lachinayi pa 9 Epulo. Chikanatuluka choncho, anthu a ku Chibavi akanadzuka ndowa zili gwa. Talemba mwezi m'mawu ndipo tawonjezera dzina la tsiku, kuti woona pa kalendala atsimikize yekha. Nthawi ya 08:00 ndi 17:00 tailemba mmene anthu amatchulira.

Pa mawu a ntchito, makina anasankha tanthauzo lomwe amakumana nalo kawirikawiri, osati la anthu a mipope. Mawu achingerezi otchulira malo a makina oyeretsera madzi ndi omwewonso amatchulira mbewu, n'chifukwa chake panatuluka "chomera chochiza madzi". Taika "malo oyeretsera madzi". "Kupanikizika kochepa" kukumveka ngati za m'minibasi. Kwa munthu amene waima pa mpope, nkhani ndi yakuti madzi akutuluka mopanda mphamvu. Valavu inasanduka "chitseko". Taibwezera, chifukwa ndi dzina lomwe amapulambala amagwiritsa ntchito, koma pamene yatchulidwa koyamba tanena ntchito yake. Paipi ndi kiyosiki tazisiya momwemo, ndipo muyeso wa mamilimita 200 sitinaukhudze. Manambala ndi mayina a madera asamasinthidwe popanda kufunsa injiniya.

Ndime ya maonekedwe a madzi ndiyo yatidyera nthawi. Chachingerezi chikusiyanitsa zinthu ziwiri: madzi oyera ngati mkaka, omwe amatero chifukwa cha mpweya wolowa m'paipi ikatsegulidwa, ndi madzi ofiirira chifukwa cha dothi lomwe latakasika. Makina analemba "madzi a mkaka" poyamba, kenako "madzi akuda", n'kuphatikiza malangizo onse m'chiganizo chimodzi. Oyambawo ukawathira m'tambula amayamba kuyera kuchokera pansi, ndipo si oti atayidwe. Achiwiriwo ndi oti atuluke kaye. Tazipatsa ziganizo zakezake. Pamene panali "phikani madzi" taika "wiritsani".

Panalinso "sunga madzi" ndi "tseka mpope wako", ngati tikulamula mwana. Ofesi imalankhula ndi anthu mwaulemu: sungani, tsekani. Chiganizo choyamba chinali cha mizere inayi, nkhani yeniyeni ili kumapeto. Taiika patsogolo poti womvera wailesi sabwereza. Ndipo popeza ambiri mumzinda muno chilankhulo chawo cha pakhomo ndi Chitumbuka, tapewa mawu ozama. Chidziwitso cha m'Chitumbuka chimasuliridwe ndi munthu kuchokera ku chachingerezi, osati kuchokera ku ichi.

CHIDZIWITSO: KUTSEKA KWA MADZI

Tikudziwitsa makasitomala athu onse a ku Chibavi, Chibanja ndi Chiputula kuti madzi sadzatuluka Lachinayi pa 9 Epulo 2026, kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo. Makiyosiki a m'madera amenewa adzakhalanso otseka.

Tidzakhala tikusintha valavu, chipangizo chotsekera ndi kutsegulira madzi, pa paipi yaikulu ya mamilimita 200 yochokera kumalo oyeretsera madzi.

Chonde tungiranitu madzi okwanira Lachitatu, ndipo muwasunge m'ziwiya zotsuka bwino, zovindikira. Mipope yonse ikhale yotseka, kuopa kuti madzi angatayike akadzabwera inu kulibe.

Ntchito ikadzatha, madzi akhoza kutuluka mopanda mphamvu kwa kanthawi, makamaka m'malo okwera. Akaoneka oyera ngati mkaka, ndi mpweya chabe. Adikheni pang'ono, ayera okha. Akaoneka ofiirira, tsegulani mpope mpaka ayere, ndipo oyambawo muthirire mbewu. Ngati mwatunga madzi akumwa pachitsime kapena kumtsinje, awiritseni mpaka abwate kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena thiranimo kolorini motsatira malangizo a pabotolo.

Ngati pofika Lachisanu m'mawa madzi sanabwere kwanu, kapena mwaona paipi ikudontha, dziwitsani ofesi yathu ya mumzinda wa Mzuzu. Tikupepesa chifukwa cha zovuta zomwe ntchitoyi ibweretse.

Bambo mlembi, musanasindikize, injiniya wa ntchitoyi awerenge Chichewachi n'kusainira pa tsiku, nthawi, madera ndi muyeso wa paipi. Wina amene sanaone chachingerezi achiwerenge mokweza, kenako mumufunse kuti madzi atsekedwa liti ndipo ofiirira achite nawo chiyani. Akadodoma penapake, mutibwezere lero lomwe.