Chidule cha lipoti la masamu a mlatho wachitsulo wa oyenda pansi, khwawa la kumtunda kwa Ngabu

A komiti, a Gulupu ndi inu bambo kontirakitala, nachi chidule cha masamu aja munati ndifupikitse poti lipoti lonse ndi mapeji ambiri. Zomwe zatuluka nzakuti mlathowu uyime pa mabimu awiri a 533x210x82 UB, ang'ono aja amapezeka motchipa ayi, ndipo chifukwa chake chili pa kupindika, mphamvu yokha onse ali nayo.

Zomwe tatenga ngati poyambira. Kuchoka pokhalira bimu tsidya lino kufika tsidya linalo ndi mamita 15, opanda chipilala pakati, chifukwa chipilala mu khwawa limeneli chingamakole mitengo ndi zinyalala madzi akadzadza. Poyenda anthu mulifupi ndi mita 1.5, pansi pake puleti ya tizidutswa totumphuka ya 6 mm. Chitsulo ndi S355, ndipo tikufuna pepala lochokera kofula chitsulocho, osangoti ogulitsa anena pakamwa kuti ncholimba. Bimu ikungokhala pa mapeto awiriwo, mbali ina yomangidwa, mbali ina yotha kusuntha pang'ono. Izi zosunthazi musazione zachibwana, kuno mwezi wa Okutobala ndi Novembala mpweya umapyola madigiri 40 ndiye chitsulo chili padzuwa chimatentha kuposa apo, ife tawerengera kuchoka pa 10 kufika pa 60 ndipo bimu italika ndi 9 mm, nchifukwa tasiya mpata wa 20 mm kumapeto, musadzautseke ndi konkire. Zitsulo zopingasa zolumikiza mabimu awiriwa zizikhala pa mamita 2.5 alionse pamodzi ndi zopingasa za X pansi, masamu onsewa akudalira zimenezo kuti bimu isapotokere kumbali.

Kunsi kwa bimu kukhale mita 1 pamwamba pa pomwe madzi anafika nthawi ya Freddy mu Malichi 2023, tinayeza pa chizindikiro chija munatilozera pa mtengo wa mtondo tsidya la kusukulu. Mabimuwa sitinawawerengere kuti azimenyedwa ndi madzi kapena zipika, ndiye mita imeneyi isadulidwe olo mutaona ngati masitepe okwerera atalika. Nthaka ndi makande, ija imang'aluka chilimwe nkufufuma dzinja, pano tangoikapo kuti ingasenze 100 kN/m² podikira kuti akumbe ayeze, maziko ali ndi lipoti lawolawo.

Katundu amene bimu imodzi ikusenza pa mita iliyonse: kulemera kwake iyo mwini 0.81 kN, puleti 0.38, zopingasa 0.21, zogwirira m'mbali 0.25, zonse pamodzi 1.65 kN/m. Anthu tawaika pa 5 kN/m² monga muyezo wa Eurocode umanenera pa milatho ya oyenda pansi, apa nkunena kuti matumba 10 a chimanga a makilo 50 pa sikweya mita iliyonse, mlatho wonse matani 11 ndi theka, kapena anthu ngati 160 atadzazana. Ena munati zachuluka, koma ganizani tsiku la maliro kapena tsiku lomwe madzi akubwera aliyense akuthawira kumtunda ndi njinga ndi katundu kumutu, ndi tsiku limenelo lomwe mlatho ukumangidwira. Pa bimu imodzi zikubwera 3.75 kN/m. Zogwirira zitalike mita 1.4 chifukwa cha akabaza, ndipo zipirire kukankhidwa ndi 1 kN pa mita. Ngolo ya ng'ombe, thalakita kapena galimoto mulibe m'masamuwa, nchifukwa chake polowera ponse pakhale zipilala ziwiri zosiya mpata wa mita 1 basi.

Pa mphamvu sitichedwapo. Titachulukitsa katundu wokhazikika ndi 1.35 ndi wa anthu ndi 1.5 tikupeza 7.85 kN/m, mphamvu yopinda pakati 221 kNm pomwe bimu itha kupirira 731 kNm, ikugwira ntchito 30 peresenti yokha. Mphamvu yodula kumapeto 59 kN, yochepa kwambiri. Mutu uliwonse wa mlatho ulandira 81 kN tisanachulukitse.

Tsono kupindika, apa ndi pamene pagona nkhani. Tagwiritsa ntchito izi, pomwe d ndi kutsika kwa bimu pakati, w ndi katundu pa bimu, L ndi kutalika kwake, E ndi kuuma kwa chitsulo, I ndi nambala yosonyeza momwe kapangidwe ka bimu kamakanira kupindika, ndipo f ndi liwiro la kunjenjemera mu Hz, kutanthauza kangati pa sekondi:

```
d = 5wL^4 / (384EI)
E = 210000 N/mm2, L = 15000 mm
w mu N/mm, 1 kN/m = 1 N/mm
I mu mm4, 1 cm4 = 10000 mm4
f = 17.75 / sqrt(d)
```

Malire omwe tatsata ndi awa, anthu akadzaza mlatho usatsike pakati kupyola L/360 yomwe ndi 41.7 mm, katundu yense pamodzi usapyole L/250 yomwe ndi 60 mm, komanso kunjenjemera kwake kukhale pamwamba pa 5 Hz, poti pansi pa apo Eurocode imafuna masamu ena oona ngati anthu sadzamva kugwedera poyenda. Pa f timaikapo kupindika kwa katundu wokhazikika yekha, mu mamilimita.

Bimu ya 406x178x54 ija munaipeza mtengo wabwino ku Blantyre, I yake ndi 18700 cm⁴. Pa mphamvu ikukhoza ndithu, 210 kNm pa 373, siingathyoke. Koma anthu okha akuyitsitsa 63 mm pomwe malire ndi 41.7, yalephera kutali. Mlatho wotere umachita kunyanyuka pansi pa mapazi, agogo afika pakati agwira chogwirira miyendo ikunjenjemera, mawa lake abwerera kokaoloka m'madzi, ana asukulu nawo aziudumphira dala poti ukuyankha, mabawuti ayamba kumasuka ndi zowotcherera kung'aluka pang'onopang'ono. Ine ndikukana imeneyi.

Ya 457x191x67, I yake 29400 cm⁴, ndi yomwe inandivuta maganizo chifukwa pa pepala ikudutsa: anthu 40.0 mm pa 41.7, kulemera kwake 16.0 mm, pamodzi 56 pa 60. Koma onani kutsala kwake, 1.7 mm yokha, ndiye wina akadzangosintha puleti kukhala ya 8 mm malire a 60 aja atsala pang'ono kudyeka, mpata woyezedwa molakwika nkukhala mamita 15.3 basi yalephera, paja kutalika kumalowa m'masamu kutadzichulukitsa kokha kanayi, L x L x L x L. Kunjenjemera nako kwatuluka 4.4 Hz, pansi pa 5.

Ya 533x210x82, I yake 47500 cm⁴: kulemera kwake 10.9 mm, anthu 24.8 mm pa 41.7, pamodzi 35.7 mm pa 60, kunjenjemera 5.4 Hz. Zonse zitatu yakhoza ndi mpata. Kusiyana kwake ndi ya 457 ndi makilo ngati 450 pa mabimu onse awiri, ndikudziwa ndalama zake nzowawa nthawi ino koma ndi ndalama ya kamodzi, kubwerera kudzalimbitsa mlatho womangidwa kale kungatidyere zambiri.

Chinanso bambo kontirakitala, bimu ya mamita 15 yathunthu kuyitsitsa pa mapiri a ku Thabwa aja ndi kuyilowetsa mu kamsewu kafumbi kochoka pa M1 nzovuta, ndiye tavomera kulumikiza, koma pa mamita 4 kuchoka kumapeto osati pakati, ndi mapuleti ndi mabawuti a M20 giledi 8.8 omangidwa ndi sipanala yoyezera mphamvu, chifukwa polumikizira pakaterereka kupindika kumaonjezereka kuposa manambala ali pamwambawa. Osawotcherera kumunda ndi jenereta. Penti yoteteza dzimbiri ipakidwe ku wekishopu, makamaka kumapeto komwe kumakhala matope.

Mlatho ukaima tidzayeza limodzi anthu asanayambe kuoloka. Tidzakoka chingwe cha levulo nkuika chizindikiro pakati, kenaka matumba 112 a mchenga a makilo 50 kuwamwaza mofanana mlatho wonse, limenelo ndi theka la katundu wa anthu uja, ndipo uyenera kutsika pafupifupi 12 mm nkubwerera pamalo pake matumba akachotsedwa. Ukapyola 16 mm kapena ukakana kubwerera tiima kaye tione polumikizira. Masamuwa apita kwa injiniya wovomerezeka kuti aonenso ndi kusaina, musagule chitsulo siginecha yake isanabwere, ndipo mpata wa mamita 15 uja tiuyezenso ndi tepi yachitsulo mitu ya mlatho ikatha kuthiridwa konkire.