Ndalama za mpingo wathu m'chaka cha 2024: zidalowa zingati, zidapita kuti

Abusa athu, akulu a mpingo, atumiki, amayi a Chigwirizano, achinyamata ndi akhristu nonse, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye.

Seshoni yandituma ine, msungichuma wanu, kuti ndikufotokozereni momwe chuma cha mpingo chidayendera kuyambira pa 1 Januwale mpaka pa 31 Disembala 2024. Lipoti lenileni ndi lamasamba 14 ndipo ladzaza ndi manambala. Tikaliwerenga momwe lilili, ambiri tituluka muno tisadamve kanthu. Choncho ndalemba mwachidule m'mawu a tsiku ndi tsiku, kuti agogo amene amaponya K200 m'mbale nawonso adziwe komwe ndalama yawo idagwira ntchito.

Ndiyambe ndi mutu wa nkhani. Tidalowa chaka tili ndi K1,240,000 yotsala ya 2023. M'chaka chonse mudalowa K26,500,000, ndipo tidagwiritsa ntchito K27,200,000. Ndiye kuti zotuluka zidaposa zolowa ndi K700,000, ndipo K700,000 imeneyo tidatapa pa ndalama zotsala zija. Pofika pa 31 Disembala tidatsala ndi K540,000. Mwa ndalamayi, K470,000 idali kubanki ndipo K70,000 idali m'bokosi la muofesi. Koma musamve ngati K540,000 yonseyo ndi yathu. Tili ndi ngongole ya K400,000 kwa mmisiri amene adakhoma denga, moti tikamulipira, yathu yeniyeni ndi K140,000 basi.

Tsopano zolowa. Mtsinje waukulu wakhala malonjezo a pakadi pamodzi ndi chakhumi, zomwe zidakwana K9,400,000. Chopereka cha m'mbale Lamulungu lililonse, kuphatikiza pano pa likulu ndi nthambi zathu zinayi, chidakwana K6,850,000. Mukagawa ndi masabata 52, ndi pafupifupi K132,000 pa sabata. Masiku atatu a pepa sande amene tidachita chifukwa cha denga adabweretsa K5,200,000. Masika adabweretsa K4,300,000. Zotsalazo, K750,000, zidachokera kwa obwereka holo ndi mipando komanso ku zopereka za pa maukwati.

Pa masika ndiimepo pang'ono. Nonse mukukumbukira momwe mvula idadukira mu Febuluwale chimanga chikumasula, mpaka mu Malichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi ya chilala. Ine ndidauza komiti kuti masika a chaka chino tisawadalire. Koma mudabweretsa matumba 60 a chimanga. N'zoona kuti chaka chinacho adalipo 95, komabe matumba 60 ochokera m'nkhokwe zosadzaza si nkhani yaing'ono, ndipo tsiku lomwe tinkawayeza mtima wanga udadzala. Tidawasunga mpaka mtengo utakwera, n'kuwagulitsa pa K40,000 thumba limodzi, zomwe zidatipatsa K2,400,000. K1,900,000 inayo idachokera ku mtedza, soya, mbuzi, nkhuku ndi maenivelopu a omwe salima.

Tibwere ku zotuluka, komwe ndikudziwa kuti mafunso ambiri ali.

Chomwe chidadya ndalama zambiri ndi denga lomwe mwakhala pansi pakeli: K6,800,000. Pomwe tinkawerengera mu Okutobala 2023, malata, matabwa, misomali ndi mmisiri zinkakwana K5,000,000. Mwezi wotsatirawo, mu Novembala 2023, Kwacha idagwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo pofika nthawi yogula, mitengo yomwe tidalemba ija idali itasanduka mbiri yakale. Pepa sande idatipatsa K5,200,000, kupitirira zomwe tidapempha poyamba, koma idaperewera ndi K1,600,000. Seshoni idakhala pansi mu Seputembala n'kuona kuti malata akale tasasula kale theka, mvula ili pafupi. Idagamula kuti titape K1,600,000 m'thumba la ntchito za tsiku ndi tsiku kuti tchalitchi lisagwe m'dzinja lili pululu. Apa ndi pomwe padachokera kuperewera kwa chaka chathachi. Chikhala kuti si denga, tikadatseka chaka zolowa zitaposa zotuluka ndi K900,000. Ine ndidagwirizana nacho chigamulocho ndipo mpaka lero ndikuona kuti chidali chabwino, koma ndi bwino mudziwe kuti ndalama ya m'mbale ndi ya pakadi nayonso ili pamwambapo.

Kusamalira abusa athu kudatenga K6,600,000. M'menemo muli malipiro awo a pamwezi, mafuta ndi kukonzetsa njinga yamoto yomwe amayendera nthambi ndi maliro, komanso kukonza nyumba yomwe amakhala. Mafuta adasowa kwambiri kumapeto kwa chaka, ndipo pali maulendo ena omwe abusa adapita pa njinga yakapalasa osatipempha kanthu.

Ku Sinodi ndi ku presbitale tidatumiza K5,300,000. Ena mumandifunsa panjira kuti n'chifukwa chiyani ndalama zathu zimapita ku Nkhoma ife tili ndi mavuto athu. Yankho ndi lakuti mpingo wathu suli wokha. Abusa amene amatibatiza ndi kutiika m'manda amaphunzitsidwa ndi mipingo yonse pamodzi, ndipo ntchito zomwe mpingo umodzi sungathe pawokha zimayenda ndi ndalama zoterezi. Gawo lomwe tidapatsidwa tidamaliza lonse, tilibe ngongole kumeneko.

Mlonda ndi kalaliki wa muofesi amalandira K240,000 pamwezi onse awiri pamodzi, choncho pa chaka ndi K2,880,000. Misonkhano, maulendo a nthumwi, chitsitsimutso cha mu Ogasiti ndi maphunziro a aphunzitsi a Sande sukulu zidatenga K1,720,000. Mayunitsi a magetsi, madzi, mkate ndi chakumwa cha Mgonero, mapepala ndi mabuku a malisiti zidakwana K1,450,000. Banki idatidula K150,000 posunga ndi kutapa ndalama.

Pa ntchito zachifundo tidagwiritsa ntchito K2,300,000. Tidathandiza pa maliro 19, tidayendera odwala kuchipatala ndi m'makomo, tidalipirira fizi ana anayi amasiye a kusekondale, ndipo mu Disembala tidagula ufa wa mabanja 35 a okalamba ndi amayi amasiye omwe atumiki adawapeza akugona ndi njala. Ndinene zakukhosi: ndalamayi idachepa. Pa K1,000 iliyonse yomwe idatuluka, K250 idapita ku denga, pafupifupi K240 kwa abusa, pafupifupi K200 ku Sinodi ndi presbitale, koma ku chifundo kudapita K85 yokha, m'chaka cha njala. Atumiki adabweretsa mayina 52, ife tidafikira 35. Mabanja 17 enawo amandipweteka mtima, ndipo ndapempha seshoni kuti popeza denga latha, chaka chino gawo la chifundo likwere.

Pali funso lomwe anthu amachita nalo manyazi kufunsa pagulu, loti kodi ndalamazi sizidyedwa? Ndi funso loyenera ndipo musaope kulifunsa. Chopereka chimawerengedwa mapemphero akangotha ndi atumiki atatu, osati mmodzi, ndipo onse amasayina m'buku. Lolemba chimapita kubanki. Cheke sichituluka popanda anthu awiri kusayina mwa atatu omwe seshoni idasankha, ndipo ine pandekha sindingatape ngakhale K1,000. Zomwe zimabwera pa Airtel Money ndi pa Mpamba zimalowa pa nambala ya mpingo, osati ya munthu, ndipo kalaliki amazilemba tsiku lomwelo.

Mu Januwale akhristu anzathu awiri odziwa za mabuku a ndalama, omwe sali m'komiti ya chuma, adafufuza mabuku onse. Adapeza kuti manambala akugwirizana ndi a kubanki, koma adatidzudzula pa zinthu ziwiri. Choyamba, K85,000 yomwe tidalipira magalimoto onyamula maliro ilibe malisiti. Ndalamayo idalipiridwadi ndipo mabanja ofedwa achitira umboni, koma maliro amadza usiku, tinkangopereka m'manja mofulumira. Kulakwa kumeneko ndi kwanga, ndipo ndikupepesa. Kuyambira mwezi uno aliyense wolandira ndalama ya mpingo azisayina, ngakhale pa siwa. Chachiwiri, nthambi ziwiri zinkasunga chopereka mpaka milungu inayi osabweretsa. Palibe chomwe chidasowa, koma ndalama yogona m'nyumba ya munthu imamuika pa mayesero komanso pa ngozi ya akuba. Tagwirizana kuti chizifika kuno pasanathe milungu iwiri.

Nkhani yomwe ndikufuna tipite nayo kunyumba ndi ya makadi. M'kaundula wa mpingo muli akhristu 820. Omwe makadi awo adalembedwa miyezi yosachepera 10 chaka chathachi ndi 310. Ena pafupifupi 200 adapereka mwa apo ndi apo, ndipo otsalawo makadi awo ndi oyera kuyambira Januwale mpaka Disembala. Ndikudziwa kuti ena mwa iwo ndi odwala, okalamba ndi omwe adakolola kamtanga kamodzi. Amenewo palibe amene akuwawerengera mlandu, ndipo akulu a m'dera lanu akukudziwani. Koma tilipo ena omwe tingathe, tidangotayirira. Mwa omwe makadi awo ndi oyera, anthu 200 okha atati azipereka K500 pamwezi, pa chaka ikhoza kukwana K1,200,000. Ndalama imeneyo ikadatseka K700,000 yoperewera ija, n'kulipira ngongole ya mmisiri, K100,000 n'kutsala. Si nkhani yoti opereka kale awonjezere katundu, koma yoti onyamula achuluke.

Za chaka chino cha 2025, seshoni yavomereza kuti tiyambe ndi kubweza K400,000 ya mmisiri pasanafike Pasaka. Bamboyo watidikira moleza mtima kuyambira Novembala ndipo nayenso ali ndi ana. Sitiyamba ntchito ina yomanga kufikira titabwezeretsa kubanki ndalama zokwanira kulipira abusa, mlonda ndi kalaliki kwa miyezi iwiri, zomwe ndi K1,580,000. Ndikudziwa kuti achinyamata mukufuna zokuzira mawu zatsopano ndipo amayi mwakhala mukupempha khitchini. Zopempha zanu zalembedwa ndipo tidzazionanso pa seshoni ya mu Julayi, masika akatha.

Lipoti lamasamba 14 lija talimata pa bolodi la panja pa ofesi, ndipo mkulu wa mpingo wa nthambi iliyonse watenga lake kuti akaliwerenge kumeneko Lamulungu likubwerali. Ofuna kuona malisiti, mabuku a chopereka kapena mapepala a kubanki, ndidzakhala muofesi Loweruka ili ndi linalo kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 12 koloko. Amene simutha kuwerenga bwerani ndithu, tidzawerengera limodzi. Bweretsaninso makadi anu a 2024 kuti tiyerekeze ndi zomwe zili m'buku, ndipo mukapeza mwezi womwe mudapereka koma sudalembedwe, mundiuze pomwepo tikonze.

Abusa atilola mphindi 20 za mafunso tisanatseke.

Zikomo kwambiri.

Ine wanu mu utumiki,
Msungichuma wa mpingo, m'malo mwa komiti ya chuma